Tifika Hafu Thuu

Tambala uja ndinamumasula ndine. Kwathu ena mpaka lero amati chingwe chinali chovunda, koma chingwecho chinali chatsopano, ndipo mfundo yake ndinalimbana nayo ndi mano.

Ndinali mu folomu 3 nthawi imeneyo, tikukhala ku Kawale: amayi, achimwene anga aakulu ndi ine. Loweruka limenelo linali la chinkhoswe cha achimwene. Mtsikana wake anali wa ku Area 25, ndipo mwambo unali wapakhomo pawo pomwepo, teni koloko m'mawa. Malume, omwe anali ankhoswe athu, anafika Lachisanu kuchokera kumudzi atanyamula tambala wachikuda, wofiira, wa lipombo logwera mbali imodzi ngati chipewa cha munthu woledzera. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kupereka msoti, ndipo malume ananena kangapo konse kuti wathuyo anamulera okha ndi gaga wa m'nyumba mwawo.

Nkhaniyi inali ndi chilonda kale. Ulendo woyamba, pomwe malume ndi achimwene anapita kukaonekera kwa makolo a mtsikanayo, anapangana naini koloko n'kukafika wani. Maola onsewo malume ankangouza achimwene kuti atumize uthenga woti "tili pafupi". Uthenga woyamba woti tili pafupi unapita malume ali m'bafa, sopo ali m'maso. Ankhoswe akuchikazi, malume ake a mtsikanayo, anali mphunzitsi wopuma wa ku Ntcheu, munthu wovala wotchi yoyendadi. Tsiku limenelo sanakalipe. Anangonena kuti pa chinkhoswe adzabwera m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo, ndipo thwelofu ikadzakwana akuchimuna asanaoneke, iwo adzanyamula chikwama, nkhani ya ukwatiyo idzadikira mpaka anthu atakolola. Popanda ankhoswe palibe chinkhoswe, izi ngakhale ine ndinkazidziwa.

Ndinkazidziwa, koma m'mawa wa Loweruka ndinaona zinthu ziwiri zili moyandikana. Pa chingwe choyanikira zovala panali tayi ya buluu yomwe achimwene anabwereka kwa mnzawo wa kwaya. Pansi pake, atamangidwa mwendo pa mtengo wa mapeyala, panali tambala. Ndinayang'ana tayi, ndinayang'ana tambala, ndipo mutu wanga, womwe masamu unkawakana, unawonkhetsa msanga.

Tayi inamukhala bwino kuposa achimwene. Ndinaizunguliza kawiri kuti isakwekwereze pansi, n'kumanga kamfundo kabwino. Ndiye ndinaganiza kuti mkamwini wotere sangamaoneke kuseri kwa nyumba kokha, afunika akaonedwe ndi anzanga a mu mzere wathu. Ndinamumasula mwendo. Cholinga chinali kumunyamula, koma iye anali ndi cholinga chake. Anandimenya phiko kumaso, n'kulumphira pa mpanda, n'kulira kamodzi mokweza, basi n'kutsikira kwa aneba.

Inali cha m'ma eyiti. Poyamba aliyense ankati tigwira pompano. Malume anakana zokagula tambala wina kumsika, akuti sanachoke kumudzi ndi nkhuku pa minibasi kuti akapereke ya pamsika yosadziwika mayi ake. Komanso tayi inali yobwereka. Choncho tinayamba kuthamangitsa, ine, achimwene atavala kale malaya oyera osita, malume, ndi ana onse a mu Kawale omwe analibe chochita. Tambala analowa m'bafa la aneba muli munthu. Anadutsa pakati pa tomato wa amayi ena ogulitsa pamsewu. Anakwera pa denga la chigayo n'kukhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu akutiyang'ana, tayi ikuuluzika ndi mphepo, anthu odzagayitsa atasiya matumba awo n'kumaombera m'manja. Abambo ena anafunsa ngati bwanayo akulemba ntchito.

Ine ndinathamanga kwambiri kuposa wina aliyense, chifukwa munthu wothamanga safunsidwa mafunso. Tinamugwira itadutsa hafu leveni, atapanikizika pakati pa mulu wa njerwa ndi khoma. Achimwene anali atagwa kawiri, malaya aja asanduka a mtundu wa dothi la ku Kawale. Malume anali wefuwefu, atagwira m'chiuno. Pobwerera amayi anamuyang'ana tambalayo, anayang'ana mfundo ya tayi, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Iwe, tidzakamba madzulo," anatero. "Panopa ikani makala mu simbi."

M'nyumba monse foni inali imodzi, ya achimwene, ya mabatani, yolemera ngati theka la njerwa. Mayunitsi omwe anatsalamo sakanakwana kuimba, koma mauthenga awiri akanapita. Ya kuchikazi inali ya mchimwene wake wa mtsikanayo, ndipo inali itatiflasha kale kasanu ndi kawiri. Achimwene analowa m'bafa n'kundiponyera foni pamwamba pa chitseko, poti pa kulemba uthenga panalibe wondiposa liwiro m'banjamo.

Malume anaima pambali panga akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Lemba kuti tili pa Kanengo."

"Malume, tili pa Kawale."

"Ndakufunsa kumene tili? Ndati lemba. Tili pa Kanengo, minibasi yaphwa teyala, mphindi khumi tafika."

"Nanga mphindi khumi zikatha?"

"Ulembanso kuti laphwa lina. Minibasi ili ndi mateyala angati? Iwe sukulu ukupitira chiyani?"

Ndinati chabwino, n'kutembenuka pang'ono kuti dzuwa lisawale pagalasi. Malume zilembo za pafoni sankaziona popanda mandala, ndipo mandala anali m'jekete.

Ndisaname kuti ndinagwidwa ndi mzimu wa chilungamo. Chomwe chinandibwerera choyamba chinali kufuna kudzaona nkhope ya malume akadzadziwa. Koma panalinso china. Kudzera pa mpata wa chitseko cha bafa ndinkamva achimwene akudzithira madzi osaimba, pomwe masiku onse ankaimba mpaka aneba kudandaula. Ndinaganiza za aphunzitsi a ku Ntcheu aja atakhala pampando, akuuzidwa mphindi khumi kachiwiri m'moyo wawo ndi anthu omwewo. Ikanakwana thwelofu teni akanaimirira.

Njira ya ku 25 ndinkaidziwa bwino, pa zifukwa zomwe amayi sankazidziwa. Kunali kanyumba koonetsa mafilimu a karate ku Nsungwi, ndipo masiku ena a sukulu yunifolomu yanga inkathera kumeneko. Munthu wojomba amawerenga nthawi kuposa wina aliyense, chifukwa ayenera kufika kunyumba ngati wochokera m'kalasi. Ndiye ndinawerenga. Achimwene asambe, malaya ena asitidwe, amayi ndi azakhali omwe anabwera kudzatiperekeza amange katundu m'malichero: sitinyamuka isanakwane hafu thwelofu. Kuyenda mpaka pa siteji ndi akuluakulu, mphindi khumi. Kupeza minibasi yotitenga anthu asanu ndi atatu ndi nkhuku mpaka m'tauni, theka la ola. Kudutsa m'depoti kukafika pomwe zimaima za ku 25, khumi zina. Kudikira kuti idzaze, makumi awiri. Msewu wake Loweruka masana, ndi pa mlatho pothinana, ndi magalimoto a maukwati, mphindi makumi anayi. Kutsika n'kuyenda mpaka pakhomo, khumi. Zinakwana maola awiri ndendende, ndipo m'menemo ndinali nditasiyamo kale malo a tsoka limodzi laling'ono.

Ndinalemba kuti: "Pepani kwambiri tachedwa, cholakwa ndi chathu. Tikadali ku Kawale, nkhuku inathawa taigwira. Tinyamuka 12:30 tifika 2:30. Zikasintha tikuuzani."

Zinakwana mu uthenga umodzi. Za tayi ndinazisiya, malo anachepa.

"Watumiza?" anafunsa malume.

"Wapita, malume."

"Eya. Ukaona anthu akudikira, umawapatsa chiyembekezo. Uphunzire."

Tinanyamuka hafu thwelofu itangodutsa pang'ono. Ine anandipatsa tambala kuti ndinyamule, miyendo yomangidwa kawiri. Yankho linatipeza tili m'depoti, titakhala kale mu minibasi ya ku 25, anayi anayi pa mpando, kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha pomwe mipando iwiri yakumbuyo inali ndi anyamata ongokhalira kuti ioneke yodzaza. Foni inalira m'thumba la achimwene. Anawerenga, anabwerezanso, kenako anatembenuka pang'onopang'ono.

"Iwe, unalemba chiyani?"

"Bwanji, achimwene?"

"Akuti, malume awo akuti amva, adikira mpaka hafu thuu yanuyo, ikadutsa ndi mphindi imodzi anyamuka. Hafu thuu yathu iti?"

Anatsegula uthenga wanga uja n'kuuwerenga mokweza, minibasi yonse ikumva. Malume anavula chipewa.

"Mwana uyu watipha. Wawauza kuti tinali ku Kawale? Wawauza za nkhuku?"

"Za nkhuku zokha, malume."

"Khala chete! Munthu amanena hafu thuu kwa anthu oti akudikira kuyambira teni? Ukanati wani koloko bwenzi atapirira, ikakwana wani n'kuwauza kuti hafu wani!"

"Ndiye bwenzi pano ali pa basi ya ku Ntcheu, achimwene," anatero amayi kwa malume osawayang'ana, akukonza lichero pamiyendo. "Thwelofu inadutsa kale. Akadalipo."

Amayi ena omwe anakhala kutsogolo ndi thumba la bonya anatembenuka. "Hafu thuu ku 25? Mufika. Koma adalaivala awa akasiya kucheza ndi atsikana a malalanje."

"Mayi, galimoto iyi ndi ndege," anatero kondakitala. "Faifi minitsi tili ku Nsungwi."

"Mwamumva mnzanu, malume?" ndinatero ine, ndipo chipewa chija chinanditera pamutu.

Nkhope yomwe ndinkafuna kuiona ndinaiona, ndipo inali yokoma monga ndinkayembekezera. Koma kuyambira pamenepo zinthu zinanditembenukira. Nthawi ija inali yanga, ndinaitchula ndine, ndipo aliyense mu minibasi anayamba kundiyang'ana ngati ndine ndagwira chiwongolero. Achimwene anaika foni pabondo, ikangosintha mphindi ankandionetsa. Tinatuluka m'depoti itatsala pang'ono kukwana wani fote. Pa mlatho tinakwawa kumbuyo kwa ngolo ya makala ndi lole ya anthu a ukwati oimba. Titadutsa pa raundabauti ya 18 ndinayamba kupuma bwino, basi dalaivala n'kukhotera pomwetsera mafuta, kondakitala n'kuyamba kutolera ndalama kuti agulire mafutawo. Tambala anandinyerera pa buluku la tchalitchi. Ndinayamba kupemphera, ine amene Lamulungu ndinkakhala benchi yakumbuyo kuti ndizimangirira malamba a madiresi a atsikana ku mpando.

Titafika pa Kanengo inali thuu koloko ndi mphindi zisanu. Ndinapempha foni.

"Ufuna uwauzenso chiyani?" anatero malume. "Kuti nkhuku yakunyerera?"

Ndinalemba ndi mayunitsi otsiriza kuti: "Tili pa Kanengo tsopano. Nthawi ndi yomweyo, 2:30." Achimwene anawerenga kaye asanandilole kutumiza.

Zomwe zinkachitika ku 25 nthawi yonseyi anadzandiuza pambuyo pake ndi alamu angawo. Uthenga woyamba unafika thwelofu isanakwane, aphunzitsi aja atavala kale jekete. Anauwerenga okha, kawiri, n'kunena kuti aka n'koyamba anthu a ku Kawale kutchula malo omwe alidi. Anawerenga ndi zala kuti hafu thuu ikalephereka akhoza kupezabe basi yamadzulo m'tauni. Anatenga mpando n'kukakhala pageti, chikwama pamiyendo, wotchi ataivula n'kuigwira m'manja. Sanadikire chifukwa chotikonda. Ankafuna kutigwira bodza ndi nthawi yomwe tatchula tokha.

Koma ena onse pakhomopo anauwerenga uthengawo mmene anthu a mu Lilongwe amawerengera mauthenga otere. Munthu akati mphindi khumi ndiye kuti ola. Akati hafu thuu ndiye kuti folo koloko, mwinanso faifi. Azimayi anaphula mpunga womwe unapsa kale n'kugawira ana, n'kunena kuti wina adzateleka cha m'ma fili. Abambo a mtsikanayo anavula suti n'kupita kukaona bawo kumsika. Atsikana omwe amafunditsidwa zitenje limodzi ndi mkwatibwi kuti mkamwini asankhe wake anabalalika. Mkwatibwi mwiniwake, poona kuti tsitsi lafwamphuka ndi kulira kwa m'mawa, anabwerera ku saluni. Uthenga wa pa Kanengo utafika, mchimwene wake anauwerenga n'kuseka, akuti anthuwa ndiye kuti angofika kumene m'depoti.

Tinatsika pa siteji thuu koloko ndi mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Malume, omwe m'mawa wonse ankadandaula bondo, anatsogola ngati msilikali. Azakhali ankathamanga lichero lili pamutu. Titakhota pa ngodya yomaliza tinaona munthu mmodzi yekha pageti, wa imvi, wowongoka ngati mzati, akuyang'ana m'dzanja lake.

Malume anagwada pang'ono n'kuomba m'manja. "Odi, odi kuno. Tafika ife ochedwa. Pepani, pepani ndithu."

Aphunzitsi anayang'ana wotchi, anatiyang'ana ife, anayang'ananso wotchi. Anaiika kukhutu.

"Thuu twente seveni," anatero, ngati munthu amene walandidwa kanthu.

Anaimirira n'kutilonjera mwaulemu wonse, n'kutembenuka kuti atilowetse. Apo ndi pomwe anaona bwalo lawo. Mipando inali itabalalika, ina ana ataisandutsa galimoto. Mayi wina anali atagona pamphasa pansi pa mtengo, duku kumaso. Pa mafuwa panalibe moto. Mchimwene wa mkwatibwi anatuluka m'nyumba ali chifuwa pamtunda, mswachi uli m'kamwa, ndipo atationa anabwerera chambuyo osatembenuka.

"Abambo a pano ali kuti?" anafunsa aphunzitsi.

"Apita ku bawo, malume," anayankha mawu kuseri kwa chitseko.

"Mwana wathu?"

"Ku saluni, malume. Timayesa afika folo."

"Anakulemberani folo?"

"Ayi, malume, koma mmene zimakhalira..."

Sindidzaiwala mmene malume anga anasinthira pamenepo. Msana unawongoka, chipewa chinabwerera pamutu mwaulemu. Anakhala pa mpando womwe anapatsidwa, anapingasa miyendo, n'kunena mofatsa kuti, "Musadandaule, achimwene, tidikira. Ife kwathu tikatchula nthawi timatchula yeniyeni. Ndinamuuza mwanayu kuti alembe zoona zokhazokha." Amayi anatsokomola mpaka azakhali anawamenya pamsana.

Tinadikira ola ndi theka. Ana anatumidwa mbali zonse, wina ku bawo, wina ku saluni, wina kukasaka atsikana a zitenje. Aphunzitsi anapepesa katatu, ndipo ulendo wachitatu anauza mchimwene wa mkwatibwi kuti alowetse chikwama chawo m'nyumba, agona konkuno, sangasiye mwambo pakati chifukwa cha ulesi wa anthu awo omwe. Achimwene atamva zimenezo anatulutsa mpweya womwe ndikuganiza anaugwira kuyambira pa chigayo. Mwambo unayamba cha m'ma folo. Achimwene anamuzindikira wawo pansi pa chitenje ulendo woyamba, akuti ndi fungo la mankhwala a ku saluni. Tambala anaperekedwa, msoti tinalandira, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

Pomwa thobwa aphunzitsi anafunsa kuti analemba uthenga uja ndani. Anthu anandiloza. Aphunzitsiwo anandiitana, ndinagwada.

"Uli folomu chani?"

"Fili, bambo."

"Unadziwa bwanji kuti ndi maola awiri? Umabwerabwera kuno?"

Amayi anali pafupi, khutu lili tcheru. Ndinati ndinangoganiza. Aphunzitsi anandiyang'ana mmene aphunzitsi onse amayang'anira, n'kunena kuti mwana wa ku Kawale wodziwa mphindi za minibasi ya ku 25 chonchi, kaundula wa kalasi yake ayenera kuti ali ndi mipata. Anthu anaseka. Amayi sanaseke.

Mlandu unazengedwa m'mawa mwake tisanapite ku tchalitchi, ndipo inali milandu itatu: tambala, tayi yomwe inabwerera kwa mwiniwake ili ndi mabowo a zikhadabo, ndi za ku Nsungwi zomwe ndinaulula nditapanikizidwa. Ndinayesa kunena kuti pakanapanda uthenga wanga bwenzi chinkhoswe chitalephereka. Amayi anati pakanapanda ine bwenzi uthengawo usanafunike n'komwe. Malume anafuna kundikwapula, koma bondo linali litatupa, anangondiloza ndi ndodo ali chikhalire. Achimwene anali akumwetulira khoma kuyambira dzulo lake.

Chigamulo chinali chakuti kwa milungu iwiri madzi onse a pakhomo ndikatunge ndine ku mpopi wa m'dera, m'mawa ndisanapite kusukulu ndi madzulo ndikaweruka, ndowa pamutu, pamzere limodzi ndi azimayi, kuti anthu andione ndichite manyazi. Amayi anaiwala kuti pa mzere umenewo ndi pomwe pankaima atsikana onse a mu Kawale, ndipo onse anali atamva za tambala wa pa denga la chigayo ndipo ankafuna kumva kwa mwiniwake. Nkhani ndinkaifotokoza kawiri pa tsiku, tambala akukulirakulira. Khosi linandiwawa masiku atatu oyamba okha. Milungu iwiri itatha ndinapempha amayi kuti ndipitirize, ndipo anandilanda ndowa.